Chingwe chikalowa sindiye kuti n'chake

Makatoni aja anafika Lachinayi madzulo, mphepo ya mwera ili mkati, atakwera pa lole yomwe imabwera kudzatenga usipa. Munali makompyuta 12, mamonita 12, malaputopu 2, pulinta yaikulu yosindikiza ndi ufa wakuda, ndi ina yaing'ono ya inki. Zonsezi zinali zogwiritsidwapo kale ntchito, mphatso yochokera kwa anthu akufuna kwabwino akunja. Pamwamba pa zonse panali thumba la saka lodzaza ndi zingwe zakuda zopotanapotana ngati ukonde womwe ana aseweretsa.

Ine ndimakhala kwa Chembe, m'boma la Mangochi, ndipo ndimaphunzitsa Fizikisi pa sekondale ina yoyendera ya m'dera lino. A hedi atayang'ana thumba lija anangoti, "Aphunzitsi, zamagetsi ndi zanu izi. Mutikonzere pulinta msanga, mayeso oyeserera a Folomu 4 ayandikira." Anali ndi chifukwa chofulumirira. Kwa zaka zambiri mayeso timakasindikiza ku Monkey Bay, munthu atakwera njinga yamoto kudutsa m'mapiri muja, ndipo ndalama yake imachokera m'matumba mwa makolo omwe chuma chawo chimadalira ngati nyanja yapereka kapena yakana.

M'mawa mwake ndinatsegula katoni ya pulinta yaikulu. Mkati munali chingwe chake, koma pulagi yake inali ya mano awiri opyapyala ndi limodzi lobulungira, yosalowa m'soketi zathu. Ndinachiponya pambali. Ndinapisa m'thumba, n'kutulutsa chingwe china chokhala ndi pulagi yathu ya mano atatu, ndipo mutu wake winawo unalowa kumbuyo kwa pulinta bwinobwino ngati unabadwira pomwepo. Nditayatsa, panamveka kuti phu! Kenako fungo la pulasitiki wopserera linadzaza chipinda. Mtsikana wina wa Folomu 3 amene ankandithandiza anafunsa motsitsa mawu kuti, "Sala, ndiye yayaka kapena yapsa?"

Inali itapsa. Nditaitembenuza ndinaona kachikwangwani koyera kamene ndinayenera kuwerenga poyamba, ndipo panalembedwa kuti 110-127V. Pulintayo inapangidwira magetsi a ku America, pomwe a ESCOM amatipatsa mavoliti 230. Chingwe chimene ndinataya chija ndicho chinkandichenjeza. Safunsa anadya phula, ndipo tsiku limenelo wodya phulayo anali mphunzitsi wa Fizikisi, ana akuonerera.

Manyazi aja ndiwo anandikhazika pansi kuti ndiphunzire zingwezi, ndipo ndikulemba kuti aphunzitsi anzanga, alembi a m'maofesi, ndi achinyamata otsegula malo osindikizira makalata m'misika asalipire mtengo umene ife tinalipira.

Chingwe cha kompyuta chili ndi mitu iwiri, ndipo mitu imeneyi imatsata malamulo osiyana. Mutu wopita kukhoma umasintha malinga ndi dziko. Wathu ndi wofanana ndi wa ku Britain, wa mano atatu amakonamakona, wokhala ndi fyuzi mkati. Wa ku South Africa umene tinauzolowera uli ndi mano atatu akuluakulu obulungira, ndipo wa ku America ndi uja ndatchula kale. Koma mutu wopita ku chipangizo ndi umodzimodzi padziko lonse. Unakhazikitsidwa ndi bungwe loona za miyezo ya zamagetsi la IEC, mu muyezo umene unatuluka koyamba mu 1970 ndipo lero umatchedwa IEC 60320. Cholinga chake n'chakuti fakitale ipange kompyuta imodzi, kenako ingosintha chingwe malinga ndi kumene ikupita. Ubwino wake ndi wakuti kompyuta yochokera ku Joni kapena ku Ulaya siifunika kudulidwa waya, mumangoigulira chingwe cha kuno. Kuipa kwake ndi kumene kunandigwera: kamwa ya kumbuyo kwa pulinta ya mavoliti 120 ndi yofanana ndendende ndi ya pulinta ya mavoliti 230. Chingwe sichidziwa kusiyana kwake, chimangolowa.

Mitu imeneyi ili ndi mayina a chilembo C ndi nambala. Mutu wa pachingwe, umene uli ndi mabowo, umatenga nambala yosagawika ndi 2. Kamwa ya pachipangizo, imene ili ndi mano, imatenga nambala yotsatira. Choncho C13 amalowa mu C14, C5 mu C6, ndipo C7 mu C8. Mabowo anaikidwa mbali ya chingwe mwadala, chifukwa ndi mbali imene imakhala ndi moto pulagi ikakhala kukhoma, ndiye chala cha mwana chisakhudze chitsulo. Mitundu ilipo yambiri, koma m'thumba lathu, ndiponso m'maofesi ambiri amene ndalowamo, munali itatu yokha.

Woyamba ndi C13, amene aliyense anamuonapo kumbuyo kwa kompyuta ya patebulo. Ndi wokulirapo, wamakona, koma makona awiri ndi odulidwa mopendekeka kuti asalowe chozondoka. Ali ndi mabowo atatu opyapyala. Awiri a m'mbali ndi a magetsi, ndipo lapakati, limene lili lokha pamzere wake, ndi la waya wa nthaka, umene amisiri a magetsi amati ethi. Mutu umenewu unapangidwa kuti unyamule maampu 10. Makompyuta athu onse 12, mamonita onse 12 ndi malemu pulinta ija, zonse zinali za C13.

Wachiwiri ndi C5. Uyu ali ndi mabowo atatu obulungira olumikizana, ndipo ana a kuno anamutcha mafuwa chifukwa akhala ngati miyala itatu ya pamoto. Amapezeka kwambiri pa kabokosi kakuda kochajira laputopu, ndi pa mamonita ena opyapyala amene ali ndi kabokosi kotere. Nayenso ali ndi waya wa nthaka, koma amanyamula maampu 2.5 okha.

Wachitatu ndi C7, wa mabowo awiri, wooneka ngati nambala 8 yogona. Ambiri timamudziwa kuti chingwe cha wailesi. Pulinta yathu yaing'ono ya inki ndi imene inkafuna ameneyu. Amanyamulanso maampu 2.5, ndipo alibe waya wa nthaka, chifukwa amaikidwa pa zipangizo zokutidwa kawiri moti magetsi sangafike panja. Chizindikiro cha zipangizo zotere ndi kabokosi kojambulidwa mkati mwa kabokosi kanzake pa chikwangwani chija. Ulipo C7 wina, wochokera makamaka ku America, amene mbali imodzi ndi yamakona m'malo mobulungira. Ameneyo salowa m'kamwa ya 8 wamba, ndipo sikuti chasokonekera, anangomupanga choncho.

Apa pali chinyengo chimene ndachiona kangapo. Munthu akasowa chingwe cha mafuwa cha laputopu, amatenga cha wailesi n'kuchisema ndi lezala mpaka chitalowa pa mano awiri. Laputopu imachaja ndithu, ndipo mwini wake amadzitama kuti ndi katswiri. Koma mabowo a awiriwa satalikirana mofanana, ndiye chingwecho chimagwira mokakamiza, ndipo dzino lachitatu limatsala lopanda kanthu. Waya wa nthaka ndi njira imene magetsi osochera amathawira kuti fyuzi ipse munthu asanagwidwe. Nthawi zambiri chizindikiro chakuti njirayo palibe ndi kunyerenyetsa kumene mumamva mukakhudza chitsulo cha laputopu. Kuno kwa Chembe ambiri timayenda opanda nsapato pa simenti, ena tikuchokera kumene kunyanja mapazi ali onyowa, ndiye thupi ndilo limasanduka njira ya kunthaka.

Pali nkhani ya ketulo imene sindingailumphe, ngakhale ikhudza anzanga. Zingwe za C13 zili ndi miyendo. Mukazisiya m'chipinda cha makompyuta osaziwerenga, mudzazipeza kunyumba za anthu zikuphika mpunga kapena kuwiritsa madzi a tiyi, chifukwa miphika yambiri yamagetsi ili ndi kamwa yooneka ngati ya kompyuta. Koma zinthu zotentha zili ndi chingwe chakechake, C15, chimene chimafanana ndi C13 kupatula kamphako kamene kali nako pakati, mbali yoyang'anizana ndi bowo la nthaka. Kamwa yake, C16, ili ndi kamzere kotukuka kolowa m'kamphakomo. C13 anapangidwa kupirira kutentha kwa madigiri 70, pomwe C15 amafika 120. Ndiye chingwe cha ketulo chimalowa pa kompyuta ndipo palibe vuto, koma cha kompyuta chimakanidwa pa ketulo yeniyeni. Kamzere kaja kanaikidwa kuti kakane. Wochotsa kamzereko ndi mpeni amadzaona mutu wa chingwe ukufewa, ukuda, kenako n'kumatirira. Taonaninso masamu ake: ketulo ya mawati 2000, mukagawa ndi mavoliti 230, imakoka maampu pafupifupi 9, pomwe zingwe zambiri za kompyuta zimabwera ndi fyuzi ya maampu 5. Fyuziyo ikapsa, munthu amaikulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, ndipo chingwe chimabwerera ku sukulu chopanda mlonda.

Mukadzaona mutu waukulu kuposa C13, wamakona anayi athunthu, mabowo ake ali chogona, ameneyo ndi C19 wa maampu 16. Ndi wa makina akuluakulu a m'mabanki ndi m'makampani, ndipo pasukulu ngati yathu safunika.

Tsopano ku chikwangwani, chimene ndi phunziro limene ndinagula ndi pulinta. Chipangizo chilichonse chili nacho, kawirikawiri pafupi ndi pamene chingwe chimalowa, kapena kunsi kwa kabokosi kochajira. Fufuzani mzere umene uli ndi chilembo V. Pakalembedwa 100-240V, chipangizocho chimadya magetsi a dziko lililonse, ndipo malaputopu ndi mamonita ambiri ndi otere. Pakalembedwa 220-240V, ndi chathu. Pakalembedwa 110V, 120V kapena 110-127V basi, musalumikize, ngakhale chingwe chilowe mokoma bwanji. Mapulinta a ufa ndiwo amakonda kukhala a mbali imodzi chifukwa mkati mwake muli chitsulo chotenthetsa chimene chimamata ufa papepala, ndipo chimapangidwira mavoliti a dziko limodzi.

Nditawerenga zikwangwani za makompyuta onse 12, ndinapeza msampha wina. Asanu ndi atatu anali a 100-240V. Anayi otsalawo, akalekale, anali ndi kaswichi kofiira kumbuyo, pafupi ndi kamwa ya chingwe, kokankhira uku kapena uku. Mbali imodzi kamaonetsa 115, mbali inayo 230. Pa makompyuta atatu mwa anayiwo kankaonetsa 115. Ndikanapitiriza changu cha m'mawa uja, akanaphulika mmodzimmodzi ngati chimanga chokazinga. Ndinakankha ndi nsonga ya sikuludalaiva, chingwe chili chosalumikiza, mpaka 230 itaoneka, kenako ndinamatapo tepi kuti chala cha mwana wachidwi chisafikepo. Kaswichi kofiira m'chipinda chodzaza ana a Folomu 1 kamakhala ngati kakuitana.

Loweruka ndinakhuthula thumba lija pansi pa mtengo, ine ndi ana anayi, n'kuyamba kusankha ngati osankha nsomba pa thandala. Tinayamba ndi kulemba zimene tikufuna: zingwe za C13 zokwana 24, za C5 ziwiri, ndi cha C7 chimodzi. M'thumba munali zingwe 31, ndipo munthu wongowerenga akanati zakwana n'kutsalako. Koma titayang'ana mitu yonse iwiri, nkhani inasintha. Za C13 zokhala ndi pulagi yathu zinali 17. Zina 6 zinali ndi pulagi ya ku America, 4 zinali ndi pulagi yobulungira ya mano awiri ya ku Ulaya, yofanana ndi imene imapezeka ku Mozambique, ndipo 2 zinalibe pulagi ya kukhoma n'komwe. Panalinso C5 mmodzi wa pulagi yathu ndi C7 mmodzi wa timano tiwiri ta ku Ulaya.

Za ku America zonse tinaziika padera. Pa mitu yake panalembedwa 125V, ndipo sindinafune kuti wina adzazipezere adaputa n'kuzilumikiza. Za ku Ulaya zija zinabweretsa mtsutso. Mnyamata wina amene amagwira ganyu ku malo ogona alendo Loweruka anati, "Sala, izi n'zosavuta. Mumangolowetsa kamtengo pabowo lapamwamba, zitseko zimatseguka, n'kukankha." Ndi zoona, ndipo ndani wa ife sanachitepo? Soketi yathu ili ndi titseko totseka mabowo awiri apansi, ndipo chimene chimatitsegula ndi dzino lalitali la nthaka. Koma pulagi yobulungira ya ku Ulaya imagwira nthaka kudzera pa tizitsulo ta m'mbali mwake, timene m'soketi yathu sitikhudza kalikonse. Ilibenso fyuzi. Ndiye kompyuta ya bokosi lachitsulo imakhala ikugwira ntchito yopanda nthaka, yopanda fyuzi ya pachingwe, komanso mano onenepa obulungira aja amatanula tizitsulo ta m'soketi moti pulagi yoyenera ikadzabwera imapeza mogwedera.

Zingwe zakezo zinali zabwino, zolembedwa 250V, choncho tinadula mapulagi n'kuika athu. Ntchitoyi ndi imene timaphunzitsa m'kalasi, koma inakoma kuichita ndi manja. Mukatsegula pulagi dzino la nthaka lili pamwamba, waya wa bulauni, umene ndi wamoto, umapita kumanja kumene kuli fyuzi. Wa buluu umapita kumanzere. Wa mizere yobiriwira ndi yachikasu umapita pamwamba, ndipo uzikhala wotalikirapo kuti chingwe chikakokedwa ukhale womaliza kuzuka. Kachingwe kopanira kamene kali pakhomo la pulagi kazigwira chikopa chakunja cha chingwe, osati mawaya amkati. Mitu yodulidwayo ndinaiphwanya ndi hamala ndisanaitaye, chifukwa mwana akaitola n'kukaikankhira m'soketi, mawaya odulidwawo amakhala ndi moto. C7 uja tinamuchitanso chimodzimodzi, kungoti dzino la nthaka linatsala lopanda waya, ntchito yake n'kutsegula titseko basi.

Zija 17 sitinazikhulupirire chifukwa chongooneka zathu. Ndinatenga mita yoyezera magetsi ya mu labu, n'kuika pa malo amene imalira mawaya akalumikizana. Waya umodzi wa mita unkakhudza dzino la pulagi, winawo unkalowa m'bowo la C13. Dzino lapamwamba liyenera kulira ndi bowo lapakati. Mano enawo aliyense alire ndi bowo limodzi lokha, ndipo pa mitu yambiri pali tizilembo L ndi N tokuuzani kuti ndi liti. Pasakhale dzino lolira ndi mabowo awiri. Uku mukuyeza muzipinda chingwe pakhosi, pamene chimalowa m'mutu, chifukwa ndi pamene mawaya amathyokera mkati. Chimodzi chinakhala chete pa waya wa nthaka, ndipo china chinali ndi malo amene khoswe analawa mpaka kopa kuonekera. Zinatsala 15. Kuphatikiza 4 zimene tinasintha mapulagi, zinakwana 19. Zinkasowa 5, ndi C5 mmodzi.

Pa chikopa cha chingwe chabwino pamakhala zolemba zobwerezabwereza, ndipo zimene muyenera kufufuza ndi monga 3G0.75 kapena 3G1.0. Nambala 3 ikutanthauza mawaya atatu, G akusonyeza kuti umodzi ndi wa nthaka, ndipo yotsalayo ndi kunenepa kwa kopa. Waya wa 0.75 umanyamula maampu 6 mosadandaula, wa 1.0 umafika 10. Fyuzi ilipo kuti iteteze chingwecho, ndiye isapose mphamvu ya chingwe. Makompyuta athu akale aja analembedwa kuti pa 230 amakoka maampu osapitirira 3, ndipo mamonita analembedwa 1.5A. Onsewa ndinawaikira fyuzi ya maampu 5. Pa C5 ndi C7 ndinaika ya maampu 3, imene zolemba zake zimakhala zofiira. Pulinta yaikulu ya ufa imafuna chingwe cha 1.0 ndi fyuzi ya maampu 10, chifukwa ikamayamba kutenthetsa imakoka kwambiri. Vuto ndi lakuti mapulagi a m'sitolo amabwera ndi fyuzi ya bulauni ya maampu 13, ndipo mafyuzi aang'ono ndi osowa. Ku Monkey Bay ndinayenda masitolo angapo osawapeza, mpaka ndinachita kutuma mnzanga wopita ku Mangochi boma.

Ulendo wokagula zingwe zosowa zija unandiphunzitsa chinthu china. Wogulitsa wina pamsika ananditulutsira mitundu iwiri, china chotchipa kwambiri. "Achimwene, n'chimodzimodzi izi, kusiyana ndi dzina chabe," anatero. Ndinagula chimodzi chotchipacho kuti ndikachione kunyumba. Chinali chopepuka ngati udzu, ngakhale kunenepa kwake kunali ngati kwa zinzake. Pulagi yake inali yaing'ono, yopanda pena paliponse potsegula fyuzi, chifukwa munalibe fyuzi. Dzino la nthaka linali lovekedwa pulasitiki wakuda theka, pomwe pa pulagi yeniyeni ovekedwa theka ndi mano awiri apansi okha, la nthaka limakhala chitsulo chokhachokha. Nditachidula ndinapeza pulasitiki wambiri ndi timawaya towerengeka ngati ndevu za mlamba. Nditapala kamodzi ndi mpeni, kufiira kunachoka n'kutsala koyera, kusonyeza kuti kopayo anangopakidwa pamwamba. Pa zina zotere maginito amakakamira, chifukwa mkati ndi chitsulo, ndipo kopa weniweni maginito samugwira. Chikomekome cha mkuyu. Chingwe chotere pa monita chikhoza kukhala miyezi osaonetsa vuto, koma tsiku limene wina adzachibwereke kukaphikira mpunga chidzatentha ngati waya wa mbaula. Masiku ano ndikamakagula ndimanyamula kamaginito m'thumba, ndimachiyeza kulemera m'manja, ndipo ndimapempha kuona fyuzi ndisanalipire. Ogulitsa amanditcha bambo ovuta.

Ziwiri zopanda pulagi ya kukhoma zija zinali ndi C13 mbali imodzi ndi mutu wa mano atatu, wofanana ndi kamwa ya C14, mbali inayo. Ana ankati n'zolakwika kufakitale. Ntchito yake inadziwika patapita miyezi, sukulu itagula kabokosi ka batire kosunga magetsi akathima, kamene timati yupiesi. Kumbuyo kwake kunalibe soketi za kukhoma, kunali mabowo ngati a C13, ndipo zingwe ziwirizo n'zimene zimalumikiza yupiesi ku kompyuta ndi ku monita. Tikanazitaya, bwenzi titayambanso ulendo wa m'mapiri. Kungoti musayese kuika pulinta ya ufa pa yupiesi yaing'ono, ngakhale chingwe chikulowa. Yathu ndi ya 650VA, imene imakwanitsa mawati osafika 400, ndipo pulinta ikamatenthetsa imapitirira pamenepo, yupiesi n'kuyamba kulira kapena kuzimitsa kompyuta yomwe imafuna kuiteteza.

Zingwe zikakhala m'malo mwake, mavuto satha, amangosintha. Monita imene imathima yokha wina akagunda tebulo, kawirikawiri siinafe, ndi C13 amene sanalowe mpaka kumapeto kapena amene tizitsulo take tatanuka. Mutu umenewu ulibe loko, umangodalira kuthina. Mukamva kuthetheka, kapena mukagwira mutu wa chingwe n'kupeza ukutentha, zimitsani pakhoma, zulani, muyang'ane m'mabowo. Mukaona mwakuda kapena mwasungunuka, chingwecho chatha ntchito, ndipo muyang'anenso mano a kamwa ya chipangizo ngati sanapse. Ife tili ndi mdani wina amene mabuku a azungu samutchula. Titabwera ku tchuthi chachitali, makompyuta awiri amene tinawasiya osalumikiza anakana kulandira zingwe. Mavu anali atamanga nyumba zadothi m'kamwa mwake. Tinakolopola ndi kamtengo kouma, ndipo tsopano potseka sukulu timasiya mutu wa C13 uli m'malo mwake, n'kuzula kukhoma kokha, zimene zimathandizanso nthawi ya ziphaliwali.

Mayeso a chaka chimenecho tinakasindikizabe ku Monkey Bay, ndipo ndalama ya njinga yamoto ndinalipira ndekha, palibe anandiuza kutero. Mmisiri amene anaona pulinta ija anati bolodi yake ya magetsi inapsa, ndipo ngakhale itapezeka ina, pangafunikenso thiransifoma yotsitsa mavoliti ya mawati oposa 1000, zimene pamodzi zikanaposa mtengo wa pulinta yogwiritsidwapo kale ntchito ya 230. Choncho ili pa shelefu mu labu, ndipo ndimaitsitsa ndikamaphunzitsa za magetsi a m'nyumba. Ndimaitana mwana mmodzi, ndimamupatsa chingwe, ndipo amachilowetsa mosavuta. Kenako ndimamuuza kuti awerenge kachikwangwani mokweza.

Chingwe chilichonse m'chipinda chathu tsopano chili ndi kachidutswa ka tepi kolembedwa nambala ya kompyuta yake ndi ya fyuzi, ndipo Lachisanu lililonse mtsikana uja, amene pano ali Folomu 4, amaziwerenga tisanatseke. Sabata yatha anabwera ku ofesi n'kunena kuti, "Sala, nambala 7 ya monita palibe." Inabwera yokha Lolemba m'mawa, ikununkhira mpunga.